Moni wa Khirisimasi kwa mnzako amene anatchona ku Joni

Disembala akafika pakati, zipata za Mwanza ndi Dedza sizipuma. Mabasi ochokera ku Johannesburg amalowa atalemedwa ndi mabulangete, mawailesi, njinga ndi zigubu za mafuta ophikira, atadutsa ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete. M'midzi ya ku Mangochi, Mzimba, Dedza ndi Mulanje anthu amakhala akuuzana kuti mwana wa a uje wafika, wa a uje ali m'njira. Ndi pa nthawi imeneyi pamene munthu amakumbukira mnzake amene sanatsike basi chaka chatha, ngakhale chaka chinacho, ndipo mawu ake anawamva komaliza zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Foni ili m'manja, bandulo ilimo, Khirisimasi yapereka chifukwa. Chovuta ndi choti alembe.

Ambiri amalemba chimene chabwera msanga pakamwa: "Mwasowatu! Mwatitaya eti?" Ena amatumiza chithunzi cha mtengo wa nyali chimene chazungulira kale m'magulupu khumi. Akadikira masiku atatu osayankhidwa amagamula kuti Joni inamusintha munthuyo, wayamba kudzimva. Nthawi zambiri mlandu sukhala pamenepo. Uthenga wotere umalephera chifukwa wolemba sanaganize za mmene ukawerengedwere kumene ukupitako, m'kachipinda ka lendi ku Diepsloot kapena ku Dunoon, m'mwezi umene foni ya Mmalawi aliyense wa kumeneko imalira kwambiri kuposa miyezi ina yonse.

Tiyambe ndi mwezi womwewo. Kuno kwathu Disembala ndi mwezi wa feteleza wobereketsa, wa chimanga chokwera mtengo, ndipo Januwale akudikira ndi fizi ya teremu yachiwiri. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni amayang'ana kumeneko. Koma ku South Africa nako mweziwu si wa mafuta kwa onse. Makampani a zomangamanga amatseka cha pa 16 Disembala ndipo amatsegulanso mu Januwale, kotero amene amadalira ganyu ya tsiku ndi tsiku pa ntchito ya njerwa amakhala milungu itatu kapena inayi osalandira kanthu. Wogwira ntchito ya m'munda wa maluwa kapena ya m'nyumba, mabwana ake akapita kutchuthi kunyanja, mwina alandira bonasi, mwina ayi. Lendi ya Januwale siidziwa za tchuthi. Munthu wotere akaona nambala yoyamba ndi +265 imene sakuidziwa, ndi moni wautali wofunsa za alamu ndi ana, amadziwa kale chiganizo chimene chimatsatira: "Koma kuno zinthu zativuta." Wachiwerenga kambirimbiri. Ndiye amausiya uthengawo kuti adzauyankha akapeza kangachepe kotumiza pa Mukuru, ndipo tsikulo silifika.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Moni woyamba patapita zaka uyenera kuonetsa poyera, kuyambira chiganizo choyamba mpaka chomaliza, kuti suli ndi pempho kumbuyo kwake. Osapempha ndalama, osapempha foni yakale, osapempha kuti akupezereni ntchito kapena malo ogona a mphwanu. Osapemphanso ngakhale chifukwa chimene anakhalira chete.

Chomaliza chija ndi chimene chimativuta kwambiri ife otsala kumudzi, chifukwa timaona ngati ndife olakwiridwa. Koma tikafunsa anthu amene anakhalako kunja zaka zambiri, zifukwa za kukhala chete zimafanana, ndipo kudzikuza sikukhala koyamba. Mmalawi akalowa mu South Africa ndi pasipoti amadindiridwa masiku 30. Kuyambira mu 2014, lamulo la dzikolo likuti wopitirira masiku ake akamatuluka amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osakwana 30, zaka zisanu ngati wapitirira kuposa pamenepo. Munthu wopanda pemiti amadziwa kuti akapita kumaliro a mayi ake mwina sabwereranso ku ntchito imene ikudyetsa abale onse otsalawo. Sapita. Akalephera kupita kumaliro amodzi, manyazi amamugwira, ndipo foni yoimbira kumudzi imayamba kulemera. Wina anakhala miyezi ku Lindela, malo osungira anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo ku Krugersdorp, ndipo safuna kuti anzake a kusukulu adziwe. Wina anataya katundu yense pa ziwawa zothamangitsa obwera za mu Meyi 2008, zimene zinapha anthu 62, kapena za mu Epulo 2015 ku Durban, pamene boma la Malawi linachita kutumiza mabasi okatenga anthu ake. Wina anakwatira kumeneko pamene kumudzi anasiya mkazi. Ndipo ambiri anangolephera kumanga nyumba ya malata imene analonjeza pokwera basi.

Zimenezi si zachilendo m'dziko muno. Agogo athu ankapita ku Wenela ndi ku Theba kukakumba golide, ena ku mafamu ndi m'migodi ya ku Rhodesia, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu kwa kanthawi ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74. Mwa agogowo munali matchona amene sanalembeko kalata, ndipo ana awo ali ku Mbare ndi ku Highfield ku Harare mpaka lero. Kusiyana kwake n'kwakuti kale kalata inkatha kusochera, ndiye munthu anali ndi pobisala. Lero aliyense akudziwa kuti foni ili m'thumba, ndipo chaka chilichonse cha chete chimawonjezera ngongole ya mawu imene wotchonayo akuona kuti sangathe kuibweza. Mukamulembera kuti "mwatitaya", mwamutumizira chikumbutso cha ngongole yomweyo.

Tisanafike pa mawu olemba, pali ntchito yopeza nambala, ndipo apa anthu amataya mtima pachabe. Nambala ya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo kawirikawiri imakhala itafa. Makampani a foni amatseka simukhadi imene yakhala miyezi osagwira ntchito, kenako n'kugulitsa nambalayo kwa munthu wina. Ku South Africa simukhadi imalembetsedwa pa lamulo la RICA, limene limafuna chiphaso ndi umboni wa kumene munthu akukhala, choncho opanda mapepala ambiri amagula yolembetsedwa kale m'dzina la wina ndipo foni ikabedwa sangathe kuitenganso nambala yomweyo. WhatsApp nayo imafufuta akaunti imene yakhala masiku pafupifupi 120 osalumikizidwa. Mbali yathu nayo inasintha: nambala za m'manja za ku Malawi zinatalikitsidwa mu 2009, Celtel inasanduka Zain kenako Airtel, ndipo mu 2018 simukhadi zosalembetsa zinatsekedwa. N'kutheka ndithu kuti mnzanuyo anakuimbiranipo pa nambala imene inu munaitaya kalekale.

Njira yodalirika ndi anthu. Mlongo wake kumudzi amakhala ndi nambala imene imatumiza ndalama. Matransipota amene amanyamula katundu pakati pa Joni ndi kuno amadziwa anthu a dera lawo mmodzimmodzi. Kuli magulupu a anthu ochokera boma limodzi amene amasonkherana za maliro, kulinso mipingo ndi mizikiti kumene Amalawi amakumana. Koma popempha nambala nenani chimene mukuifunira, ndipo ndi bwino kuti wokupatsaniyo ayambe wamufunsa mwiniwake. Munthu wopanda mapepala amachita mantha akamva kuti wina akumufufuza. Mukaipeza, isungeni ndi +27 kutsogolo, mutachotsa 0 woyamba. Ya ku Britain ndi +44, ya ku Ireland +353. Mukalembera pa Facebook munthu amene simuli naye pa ubwenzi, uthenga wanu umakagwera mu "Message requests", kumene ena satsegulako chaka chathunthu.

Tsopano titenge chitsanzo, choyerekeza koma chimene ambiri achizindikira. Amuna awiri anaphunzira limodzi kusekondale ku Dedza. Mmodzi ndi mphunzitsi wa pulayimale, winayo anapita ku Joni mu 2014 ndipo amagwira ntchito yosamalira maluwa. Analankhulana komaliza zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Mu 2021 bambo a wa ku Joniyo anamwalira. Iye sanabwere, mphunzitsi uja anakakhala nawo pamaliro ndipo anakumba nawo manda. Chaka chino mphunzitsiyo wapeza nambala kwa mlongo wa mnzakeyo. Zolemba zake zoyamba zinali izi:

"Aise, uli moyo? Zaka zonsezi osatiyankhula, ngakhale pamaliro a madala sitinakuone. Marandi akukoma eti? Khirisimasi yabwino, usatiiwale."

M'mawu ochepawa muli minga inayi. Sanadzitchule dzina, pamene nambala yake ndi yachilendo ndipo pansi pa uthenga wake WhatsApp ikuonetsa kale batani la `Block`. Watchula maliro ngati mlandu. Nthabwala ya marandi, imene pa bawo ikanaseketsa, pa foni ikumveka ngati mawu oyamba a pempho. Ndipo "usatiiwale" mu Disembala aliyense amadziwa tanthauzo lake. Atakonza, uthenga unakhala wotere:

"Achimwene aPhiri, moni. Ndine uje, mwana wa a uje, tinkakhala desiki imodzi mu Fomu 3. Nambala yanu andipatsa achemwali anu, nditawapempha. Ndimafuna ndingokufunirani Khirisimasi yabwino inu ndi a pabanja panu. Kuno tili bwino, mvula yayamba, ndikuphunzitsabe, ana alipo atatu tsopano. Dzulo ndadutsa pa bwalo lija munagoletsa ndi mutu, pano pamangidwa chigayo. Za bambo pepani kwambiri, tinawaperekeza bwino. Palibe vuto lililonse kuno, ndangokukumbukirani. Mukapeza mpata mudzandiuze za kumeneko."

Uthengawu ukutsata mwambo wa malonje. Mlendo akafika pakhomo safunsidwa kaye chimene anachedwera. Amapatsidwa mpando, amalonjeredwa, kenako amanena zake pa nthawi yake. Mphunzitsiyo wayamba ndi kunena kuti iye ndani ndi kumene watenga nambala, zimene zikuchotsa mantha akuti ndi wakuba wa pa foni. Wafotokoza za moyo wake iye mwini asanafunse za mnzake, ndipo wasankha nkhani zosonyeza kuti akudzidalira. Watchula chinthu chimodzi chimene akuchidziwa awiri okhawo, bwalo ndi chigoli, chimene wonyenga sangachidziwe ndipo chimapatsa woyankha poyambira popanda kufotokoza zaka zisanu ndi ziwiri. Munthu akhoza kuyankha za chigayo ndi mawu asanu, chitseko n'kutseguka.

Chiganizo cha maliro ndicho chofunika kuchiyeza bwino. Kusatchula imfa ya bambo ake kukanakhala kusowa khalidwe, chifukwa kwathu kuno munthu sucheza ndi wofedwa usanamupepese, ngakhale patapita zaka. Koma taonani chimene wasiya: sananene kuti iye anakumba nawo manda, sananene kuti anthu ankafunsa kuti mwana wamwamuna ali kuti. Wangoti "tinawaperekeza bwino", mawu amene akuyankha funso lomwe mnzakeyo wakhala akuopa kufunsa. Ndipo izi walemba atatsimikiza kwa mlongo uja kuti uthenga wa maliro unafika. Ngati simukudziwa kuti munthu anamva za imfa ya m'bale wake, musamuuze kudzera m'moni wa Khirisimasi. Uthenga wa maliro uli ndi eni ake, ndipo amaunena ndi pakamwa.

Ena adabwa kuti anthu amene ankatchulana "iwe" ndi "aise" ayamba bwanji "achimwene" ndi "inu". Ine ndikuona kuti mphunzitsiyo wachita bwino. Mnyamata amene munkaba naye mango pano ndi bambo wa zaka 40, mwina ndi mkulu wa mpingo kapena shehe, ndipo foni yake ikhoza kukhala m'manja mwa mkazi wake kapena mwana. Kuyamba ndi ulemu sikutseka njira: iye akayankha kuti "aise, ndiwe?" mwabwerera pa "iwe" nthawi yomweyo. Koma kuchoka pa "iwe" kukwera pa "inu" mnzako atayankha mozizira n'kochititsa manyazi. Mzimayi wolembera mnzake wa kusukulu angayambe ndi "asisi" kapena "amake uje" ngati akudziwa dzina la mwana. Ndipo ngati wolemba ndi mwamuna, wolandira ndi mkazi amene panali kachikondi kale, moni apereke ku banja lonse ndipo alembe masana. Ngati sangathe kulemba uthenga umene mwamuna wa mayiyo angawerenge, asiye.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasintha zonsezi: ngongole yeniyeni. Maubwenzi ambiri a kuno ndi ku Joni sanafe ndi mtunda. Anafa ndi ndalama ya malata kapena ya njerwa imene inatumizidwa kwa mnzako wodalirika n'kuthera ku zina. Ngati wodya ndalamayo ndinu, moni wosatchula nkhaniyo ndi chipongwe. Inenani m'chiganizo chimodzi, popanda nkhani yaitali ya mavuto: ndalama ija sindinaiiwale, ndikufuna tikambirane mmene ndingabwezere. Konzekeraninso kuti kukambirana kwake sikudzakhala kophweka, chifukwa kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo iye anatumiza marandi, osati makwacha. Ngati wokongola ndi iyeyo, sankhani chimodzi: mukufuna mnzanu kapena mukufuna ndalama. Zonse ziwiri n'zololedwa, koma sizikwera uthenga umodzi.

Za nthawi yotumizira n'zachidule. South Africa ndi Malawi ali pa ola limodzi. Britain ndi Ireland mu Disembala amatsalira ndi maola awiri, ndipo Amalawi ambiri kumeneko amagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba ndi m'zipatala, zimene sizitseka pa 25. Tsiku la Khirisimasi lenilenilo foni imasefukira ndi zithunzi, ndipo uthenga wanu umira. Tumizani pa 22 kapena pa 23, kapena dikirani pa 27. Lembani m'malo moimba: kuimba kumamukakamiza munthu kuyankha pomwepo mafunso amene wawazemba zaka zambiri, mwinanso ali pamaso pa bwana. Uthenga wa mawu ojambula ndi wabwino kwa amene kuwerenga kumawavuta, ndiponso liwu limatsimikizira kuti ndinudi, koma usapitirire mphindi imodzi ndipo utsatire mzere wolemba wonena dzina lanu. Zithunzi zongopatsirana zija, zolembedwa pamwamba kuti "Forwarded many times", zisiyeni. Zimauza munthu kuti ndi mmodzi mwa anthu 200. Ngati mnzanuyo ndi Msilamu, monga alili ambiri ochokera ku Mangochi ndi Machinga, mufunireni chaka chatsopano chabwino, kapena sungani moni wanu mpaka pa Idi.

Mukatumiza, matiki a pa WhatsApp amanena zochepa kuposa zimene mtima umawerenga. Tiki imodzi yotuwa ikutanthauza kuti uthenga wachoka kwa inu koma sunafike pa foni yake: foni yazima, bandulo yatha, nambala inafa, kapena anakutsekani, ndipo simungasiyanitse zimenezi ndi tiki yokhayo. Ikakhala choncho sabata yathunthu, bwererani kwa amene anakupatsani nambala. Matiki awiri otuwa ndiye kuti wafika; mwina wawerengedwa kale, chifukwa munthu akhoza kuzimitsa matiki a buluu. Matiki a buluu opanda yankho ndiwo amawawa, koma kwa munthu amene wakhala chete zaka zisanu ndi ziwiri, masiku khumi si kanthu. Ambiri amayankha mu Januwale, ntchito zitayambiranso ndipo ataona kuti pempho lija silinabwere. Musatumize zizindikiro za mafunso, musaimbe kasanu, musakadandaule kwa mlongo wake. Mukhoza kulembanso kamodzi, pa Pasaka kapena pa nthawi yokolola. Akapanda kuyankha kawiri konse, wayankha.

Yankho likabwera, onani kaye ngati ndi iyedi. Nambala zogulitsidwanso ndi akaunti zobedwa zadzaza. Ngati woyankhayo sakudziwa kanthu za bwalo lija, akuyankha Chingerezi chokhachokha, kapena pa tsiku lomwelo akuti wamangidwa ndipo mutumize ndalama pa nambala ina, imbani kuti mumve liwu. Aliyense wokupemphani kuti mumutumizire manambala asanu ndi imodzi amene abwera pa foni yanu akufuna kuba akaunti yanu ya WhatsApp, kaya chithunzi chake ndi cha mnzanu.

Koma tinenenso kuti walira mvula walira matope. Nthawi zina amene amayankha ndi mnzanu weniweni, ndipo zimene akunena n'zolemera: ntchito inatha, akudwala, akufuna kubwerera koma alibe ya basi ndipo akuopa kufika pamudzi chimanjamanja. Ife tinazolowera kuganiza kuti thandizo limayenda kuchokera kum'mwera kubwera kuno, ndipo timadzidzimuka likafunika kuyenda mobwerera. Apa musalonjeze zimene simungathe. Chimene munthu wa kumudzi angachite, ndipo wa ku Joni sangachite yekha, ndi kukakhala pansi ndi amalume ake kapena mlongo wake n'kuwakonzekeretsa kuti mwana wawo akubwera wopanda katundu. Kwa matchona ambiri chotchinga chachikulu si Beitbridge, ndi maso a pamudzi. Ndipo zimene wakuuzani zisafike pa gulupu ya anzanu a kusukulu. Musamulowetsenso m'gulupumo asanavomere, chifukwa kumeneko anthu 60 adzamufunsa tsiku limodzi mafunso onse amene inu munawapewa.

Mu chitsanzo chathu chija, tinene kuti yankho linabwera pa 9 Januwale, lalifupi: "Aise, chigayocho ndi cha ndani?" Mphunzitsi wanzeru amayankha za chigayo basi. Za maliro, za pemiti, za mkazi wa kumudzi zidzabwera mwiniwake akadzaziyamba, mwina pa kucheza kwachitatu, mwina chaka chamawa. Ndipo fizi ya Januwale ikamuvuta mphunzitsiyo, akakongole kubanki m'khonde. Akangopempha kwa mnzakeyo mwezi womwewo, moni uja usanduka nyambo, ndipo nambala yake ikalowa m'gulu la zija zimene siziyankhidwa.

Inu amene muli ndi dzina limene lakhala likukuzungulirani m'mutu chiyambire kuwerenga nkhaniyi, pitani kwa achemwali ake sabata ino mukapemphe nambala, ndipo muwauze kuti ayambe amufunsa.